Kalembedwe ka imelo yotsatira msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi

Alembi a makomiti a makolo ndi aphunzitsi m'sukulu za muno mu Mzuzu, kaya ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Luwinga, ambiri amadziwa kulemba maminitsi, koma maminitsiwo amakhala m'buku mpaka msonkhano wina, ndipo pofika nthawiyo teremu yatha ntchito isanayambe. N'chifukwa chake ndikulangiza kuti mlembi azitumiza imelo yaifupi pasanathe masiku awiri chichitikireni msonkhano, anthu akadakumbukira zimene anavomera ndi pakamwa pawo. Imeloyi isabwereze mkangano wonse ayi. Inene zimene mwagwirizana, amene adzazichite, ndi tsiku lomaliza.

Tiyerekeze kuti munakumana Loweruka pa 8 Novembala ndipo nkhani yaikulu inali denga la chimbudzi cha atsikana limene malata ake anasasuka ndi mphepo. Alembi ambiri amalemba kuti: “Tinagwirizana kuti komiti ikonze chimbudzi mvula isanayambe.” Chiganizochi chikumveka bwino, koma sichigwira munthu aliyense. Komiti ili ndi anthu ambiri, choncho aliyense adzaganiza kuti mnzake ndiye akuthamanga nazo, ndipo mawu akuti “mvula isanayambe” si tsiku, makamaka kuno kumene mvula ikangoyamba imakhalitsa mpaka cha mu Epulo.

Ntchito imodziyi igaweni m'zigawo zake, chilichonse chikhale ndi mwini wake mmodzi. Mwachitsanzo, lembani kuti wapampando wa makolo apeze mitengo ya malata, misomali ndi matabwa kuchokera m'masitolo atatu ndipo aipereke kwa mphunzitsi wamkulu pofika Lachisanu pa 14 Novembala. Msungichuma atolere zopereka zimene makolo anavomera, apereke lisiti kwa aliyense, ndipo anene ndalama zimene zapezeka pofika pa 21 Novembala. Mphunzitsi wamkulu agwirizane ndi kalipentala kuti ntchito ithe pofika Loweruka pa 29 Novembala. M'kalata yeniyeniyo lembani dzina la munthu pamodzi ndi udindo wake. Onaninso kuti masikuwa akutsatana monga momwe ntchito imayendera, pakuti kalipentala sangayambe ndalama zisanapezeke, ndipo ndalama sizingadziwike kuti zakwana mitengo isanabwere. Ngati ntchito ikufuna anthu awiri, mmodzi alembedwe kuti ndiye wotsogolera, winayo womuthandiza.

Pano pali cholakwa chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, ndicho kupatsa ntchito munthu amene sanabwere kumsonkhano. Zikachitika kuti anthu anatchula mayi wa m'gulu la amayi kuti aziyang'anira ukhondo wa chimbudzicho iwo kulibe, mlembi ayambe wawaimbira foni, ndipo alembe dzina lawo pokhapokha atavomera. Chimodzimodzi nkhani imene inangokambidwa osamangidwa, monga ganizo lokweza zopereka, ilembedwe payokha kuti “sinathe, idzakambidwanso”, chifukwa ikalowa pakati pa zogwirizana, makolo adzati aphunzitsi awabera mawu.

Pa mzere wa Subject lembani dzina la sukulu, mawu akuti “zimene tinagwirizana” ndi tsiku la msonkhano, kuti kalatayo idzapezeke msanga. Pa To ikani okhawo amene apatsidwa ntchito, pa Cc ikani wapampando wa komiti yoyendetsa sukulu, ndipo makolo ena onse muwaike pa Bcc kuti maadiresi awo asaonekere kwa aliyense. Musalembemo dzina la mwana amene anapalamula kapena la kholo limene silinapereke ndalama, chifukwa imelo imatumizidwa kwa ena mosavuta ndipo ikapita simungaibwezenso.

Kumapeto kwa kalatayo pemphani kuti amene waona cholakwika ayankhe pofika Lachitatu pa 12 Novembala, ndiponso kuti aliyense wopatsidwa ntchito ayankhe kuti wailandira. Amene wakhala chete musamuyese kuti wavomera. Nthawi zambiri amakhala kuti alibe bandulo kapena satsegula imelo kawirikawiri, choncho muimbireni. Pokumbukira kuti makolo ambiri alibe imelo, mawu omwewo, osasintha ngakhale tsiku limodzi, aikidwe pa gulu la WhatsApp la makolo, ndipo pepala losindikiza limatidwe pa bolodi la sukulu. Kumene makolo ena amamva bwino Chitumbuka, pakhale munthu womasulira, koma mayina, ndalama ndi masiku zifanane ndendende.

Tsiku loyamba likakwana, pa 14 Novembala, mlembi ayankhe pansi pa imelo yomwe ija m'malo moyamba yatsopano, anene ngati mitengo yafika. Ngati sinafike, alembe chifukwa chake ndi tsiku latsopano limene wapampando wavomera, kenako asunthenso masiku a msungichuma ndi kalipentala, chifukwa ntchito zawo zikudikira yoyambayo.