Kudandaula wogulitsa wa pa intaneti akapanda kutumiza katundu

"Ndinalipira K85,000 pogula nsapato pa intaneti, koma sizinafike kuno ku Blantyre. Ndalama zikadali ku kampani yosunga malipiro. Ndidandaule bwanji?"

Choyamba, musadine batani lovomereza kuti mwalandira katundu, ngakhale wogulitsayo akuchonderereni bwanji, chifukwa mukatero kampaniyo imamupatsa ndalama ndipo kuzibweza kumavuta. Tsegulani dandaulo pa tsamba la kampaniyo nthawi yodandaulira isanathe.

Kenako lemberani wogulitsayo kalata, ndipo yomweyo muitumizenso ku kampaniyo. Mutchule nambala ya oda, tsiku lolipira, ndalama zake, nambala ya malipiro ndi tsiku limene analonjeza kutumiza, ndipo muphatikizepo zithunzi za mauthenga anu. Mupatseni masiku 7 kuti aonetse lisiti ya kampani yonyamula katundu, apo ayi abweze ndalama. Chithunzi cha phukusi si umboni woti latumizidwa. Pomaliza kalatayo, pemphani kampani yosunga malipiro ija kuti isatulutse ndalamazo nkhaniyi isanathe.

Masikuwo akadutsa, pemphani kampaniyo ikubwezereni ndalama. Zikakanika, ngati wogulitsayo ndi wa m'Malawi muno, kadandauleni ku bungwe la boma loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission.