Kusintha siketi yaitali kukhala buluku pachithunzi, mapazi osayandama

Chithunzicho chinali cha mayi ataima pasimenti atavala siketi yofika m'akakolo, ndipo pankafunika kuti aoneke atavala buluku. Generative Fill ya mu Photoshop, imene imajambula yokha zimene waiuza pamalo amene wasankha, inkajambula buluku labwinobwino, koma munthuyo ankaoneka ngati akuyandama, ndipo nsapato zinkasanduka zina.

Ndinayamba ndi kusankha siketi yokha: buluku linatuluka lotambalala ngati siketi yomweyo, chifukwa pulogalamuyo inkangodzaza malo onse osankhidwa. Nditaphatikiza mapazi, inapeka nsapato zina.

Chimene chinathandiza ndi kuyamba ndi pansi. Ndinasankha nsapato zenizeni n'kuzikopera ndi Ctrl+J pa leya yakeyake, imene ili ngati pepala loonekera losanjikiza pamwamba pa chithunzi. Kenako ndinafafaniza siketi yonse ndi mthunzi wake pogwiritsa ntchito Clone Stamp, chida chokopera mbali ina ya chithunzi n'kuipaka pamalo ena, kutsata mng'alu wa simenti kuti upitirire mosathyoka pamene padzakhale mpata pakati pa miyendo. Apa m'pofunika kudekha, chifukwa siketi imabisa pansi, buluku limaulula.

Nditatero ndinajambula miyendo iwiri ndi burashi yakuda, kuchokera m'chiuno mpaka pansapato iliyonse. Bondo limakhala chapakati pa fupa la m'chiuno ndi chidendene. Ndinasankha miyendoyo yokha, kuidzaza ndi Generative Fill, n'kubwezera nsapato zenizeni zija, mpendero wa buluku ukuphimba pang'ono pamwamba pake.

Mthunzi ndinaupanga pa leya ya Multiply, imene imadetsa zimene zili pansi pake: wakuda ndi wopyapyala pamene nsapato yaponda, wofewa kupitirira apo, wogawikana pawiri, kulowera kumene mithunzi ina ya pachithunzi yalowera.