Olipira koyamba achuluka, koma akufika mwezi wachitatu ndi angati?

Malangizo awa ndi a inu amene mumagulitsa ntchito yolipiridwa mwezi ndi mwezi, kaya ndi apu ya pafoni, maphunziro a pa intaneti kapena pulogalamu yolembera malonda a m'shopu, ndipo mumayamba mwapatsa anthu masiku angapo oti ayese ulere. Ambiri a inu mumayang'ana nambala imodzi: mwa anthu amene anayesa ulere, ndi angati amene alipira masikuwo atatha? Nambalayi ikakwera mumasangalala. Ine ndimada nkhawa ikakwera mwadzidzidzi, chifukwa pali njira zingapo zoikwezera zimene nthawi yomweyo zimachepetsa anthu okhala nanu.

Mlimi wa chimanga sawerengera matumba pa tsiku limene mbewu yamera. Malipiro oyamba ali ngati kumera kumeneko. Amakuuzani kuti ndalama yatuluka m'thumba mwa munthu kamodzi. Sakuuzani ngati munthuyo anafuna kuti ituluke, kapena ngati adzalola kuti itulukenso mwezi wamawa.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza, kuti tiwerenge bwino. Muli ndi apu yothandiza eni magolosale kulemba katundu ndi ngongole, pa mtengo wa K5,000 pamwezi. Mu Januwale anthu 2,000 anaikopera pafoni. Munkalola aliyense kuyesa masiku 14 osafunsa khadi la kubanki, ndipo 1,000 anayesa. Masiku atatha, 150 anabwera okha kudzalipira. Amenewa ndi anthu 15 pa 100 alionse. Mwezi wachiwiri analipiranso 132, wachitatu 120.

Mu Epulo mwasintha zinthu zitatu nthawi imodzi. Wofuna kuyesa ayambe walowetsa khadi, ndipo ndalama idzachoka yokha ngati sanaletse. Masiku oyesa mwawadula kufika pa 7. Mwezi woyamba mwauika pa theka la mtengo, K2,500. Okopera apu ndi 2,000 monga kale, koma amene alola kulowetsa khadi ndi 400 okha. Mwa amenewa, 240 adulidwa ndalama pa tsiku lachisanu ndi chitatu. Kuchoka pa 15 kufika pa 60 pa 100 alionse! Ndani sangakondwere?

Dikirani Meyi. Mwa anthu 240 aja, olipira kachiwiri ndi 110. Mu Juni atsala 72.

Tiwerenge ndalama za miyezi itatu. Gulu la Januwale linalipira ka 402 pa K5,000, zomwe ndi K2,010,000. Gulu la Epulo linapereka K600,000 mwezi woyamba, K550,000 wachiwiri ndi K360,000 wachitatu, zonse pamodzi K1,510,000. Ngati anthu 30 anadandaula kuti adulidwa mosadziwa ndipo munawabwezera, muchotseponso K75,000. Ndiye kuti mwezi umene nambala yanu inakwera kanayi ndi umenenso unakubweretserani ndalama zochepa, ndipo unakusiyirani makasitomala 72 m'malo mwa 120.

Chinachitika n'chiyani? Choyamba, nambala inakwera chifukwa chakuti mwachepetsa anthu amene mukugawira. Anthu 600 amene akanayesa mu Januwale anabwerera pakhomo ataona kuti mukufuna khadi, ndipo sanawerengedwe n'komwe. Mukagawa ndi anthu onse 2,000 amene anakopera apu, olipira koyamba anachoka pa 7.5 kufika pa 12 pa 100 alionse. Kukwera kulipo ndithu, koma si kanayi. Mukawerenga otsala mwezi wachitatu pa anthu 2,000 omwewo, mupeza 6 mu Januwale ndi 3.6 mu Epulo.

Chachiwiri ndi chimene ndikufuna mukhalepo pang'ono. Mu Januwale, munthu amene sanachite kanthu masiku oyesa atatha anawerengedwa kuti wakana. Mu Epulo, munthu yemweyo, amene sanachitenso kanthu, anawerengedwa kuti wavomera. Mwini golosale amene anatsegula apu kamodzi Loweruka, n'kutanganidwa ndi maliro kumudzi sabata yonse, waonekera m'mabuku anu ngati kasitomala wokhutira. Iye adziwa pamene uthenga wa kubanki walowa pafoni kuti K2,500 yachoka. Ena amaletsa tsiku lomwelo ali okwiya. Ena saona mpaka mwezi wotsatira, pamene K5,000 yachoka, ndipo mkwiyo wao umakhala waukulu kuposa. Anthu otere sadzabweranso, komanso amauza anzao pamsika kuti apu ija imaba ndalama.

Vutoli ndi lodziwika padziko lonse, moti makampani a makadi analowererapo. Kuyambira mu Epulo 2020, Visa imafuna kuti wogulitsa amene amapereka nthawi yoyesa ulere kapena mtengo wotsika wolowera azidziwitsa mwini khadi momveka za mtengo ndi tsiku limene ayambe kudulidwa, ndiponso azimupatsa njira yosavuta yoletsera pa intaneti. Pa App Store ya Apple, munthu ayenera kuletsa kutatsala maola osachepera 24 kuti nthawi yoyesa ithe, apo ayi adulidwa. Amene wakumbukira madzulo a tsiku lomaliza wachedwa kale, ndipo naye alowa m'gulu la amene mukuti alipira.

Theka la mtengo lija nalo lili ndi mlandu wake. Munthu amene anavomera K2,500 sanavomere K5,000. Funso lenileni la mtengo mwangolisunthira kutsogolo ndi masiku 30, ndipo yankho lake lidzaoneka pa nambala ina imene simukuiyang'ana. Masiku 7 nawo ndi ochepa kwa pulogalamu imene phindu lake limaoneka pakutha pa mwezi, pamene mwini shopu akutseka mabuku ndi kulondola amene anakongola shuga ndi sopo. Wadulidwa ndalama asanaone chimene akugula.

Nanga bwanji kutsikaku sikuoneka msanga? Chifukwa nkhani yabwino imafika sabata yomweyo, pomwe yoipa imafika patapita mwezi umodzi kapena iwiri. Kwa amene mumagulitsa malipiro a chaka chonse, imafika patapita miyezi 12, mutawonjezera kale ndalama zotsatsira malonda ndi kulemba antchito ena. Komanso makasitomala akale amabisa atsopano. Tinene kuti muli ndi akale 2,000 ndipo pamwezi amachoka 60. Mu Meyi achoka 60 amenewo ndi 130 a gulu la Epulo. Mukawaphatikiza, ndi 190 pa 2,240, anthu 8 kapena 9 pa 100 alionse. Mungati mwezi wangovuta, anthu alipira fizi. Koma mukapatula a Epulo okha, achoka 54 pa 100 alionse. Ndipo poti mu Meyi mwalowanso gulu lina lalikulu la olipira koyamba, chiwerengero cha makasitomala onse chikukwerabe. Muli ngati munthu wothira madzi mu ndowa yobooka, amene saona kubookako malinga ngati mpopi ukutuluka.

Mankhwala ake safuna pulogalamu yodula. Tsegulani Excel kapena Google Sheets. Mzere uliwonse ukhale wa gulu la anthu amene anayamba kuyesa mwezi umodzi. M'mbali lembani okopera, oyesa, olipira koyamba, kachiwiri, kachitatu, mpaka kachisanu ndi chimodzi. Munthu wa Epulo akhale wa Epulo mpaka kalekale, musamusakanize ndi ena. Amene mwawabwezera ndalama muwachotse pa olipira koyamba. Pa mzere wa mwezi umene mwasintha mtengo, masiku oyesa kapena kumene mukutsatsa, lembanipo chimene mwasinthacho. Ndipo musasinthe zitatu nthawi imodzi monga m'chitsanzo chathu, chifukwa simudzadziwa kuti chalakwa ndi chiti.

Simukuyenera kudikira miyezi itatu kuti muone chizindikiro. Tsiku limene anthu adulidwa koyamba, onani kuti ndi angati mwa iwo amene anachita ntchito yeniyeni ya apu m'masiku oyesa. Kutsegula chabe si ntchito. Kwa apu yathu ya golosale, tinene kuti ntchito ndi kulemba malonda pa masiku atatu osiyana. Ngati mwa 240 aja amene anachita zimenezi ndi 100, mwadziwiratu kuti Meyi adzakhala wotani. Onaninso masiku amene anthu akuletsa. Akaunjikana pa tsiku lodulidwa ndi lotsatira lake, amenewo ndi odzidzimuka. Akamwazikana mwezi wonse, vuto lili pa ntchito ya apuyo.

Pali gulu lina loyenera kulipatula: amene sanafune kuchoka koma malipiro akanika. Khadi latha nthawi, mu akaunti mulibe ndalama tsiku limenelo, kapena banki yakana. Kuno kwathu ili si gulu laling'ono loti n'kulinyalanyaza, chifukwa ambiri amalandira pakutha pa mwezi, ndipo munthu amene anayamba pa 18 adzadulidwa pa 18 mwezi uliwonse, nthawi imene m'thumba mwauma. Muloleni asankhe tsiku lolipira, mupatseni masiku angapo musanamutsekere, ndipo yesaninso kumudula akalandira ndalama zake za pakutha pa mwezi. Amene mumagwiritsa ntchito Stripe, kampani yothandiza ogulitsa kulandira malipiro pa intaneti, uthenga wa `invoice.payment_failed` ndi umene umakuuzani za anthu amenewa. Amene mumalandira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kumene kasitomala amavomereza yekha ndi nambala yake yachinsinsi, simukhala ndi oiwala kuletsa, koma mumakhala ndi oiwala kulipira. Kwa inu malipiro oyamba ndi oona, koma achiwiri amafuna chikumbutso ndi njira yachidule.

Langizo limene eni mabizinesi amalikana kwambiri ndi ili: kumbutsani munthu musanamudule. Mutumizireni uthenga kutatsala masiku awiri kapena atatu, wonena tsiku, mtengo wonse ndi poletsera. Stripe imatumiza `customer.subscription.trial_will_end` kutatsala masiku atatu, ndipo mungamangirirepo uthenga wanuwo. Nambala ya olipira koyamba itsika, mwina kuchoka pa 60 kufika pa 40, ndipo mnzanu wogwira naye ntchito adzati mwaononga. Muonetseni tebulo lija. Amene achoka atakumbutsidwa ndi omwe aja akanachoka mu Meyi, kungoti tsopano achoka opanda chifukwa nanu, simunawabwezere ndalama, ndipo mungawaitanenso.

Sindikunena kuti kufunsa khadi n'kolakwa nthawi zonse. Kumathandiza pamene woyesa aliyense amakudyerani ndalama, monga ngati mumatumiza munthu kukamuphunzitsa kushopu kwake. Koma poyerekeza njira ziwirizi, funsani kuti pa anthu 2,000 okopera apu, ndi ndalama zingati zimene zalowa pofika tsiku la 90, mutachotsa zobweza. Ngati muli ndi wotsatsa malonda amene mumamulipira pa munthu aliyense wolipira koyamba, sinthani pangano kuti gawo lalikulu azilandira munthuyo akalipira kachiwiri. Gulu la mwezi uno mudzaliweruze miyezi itatu ikakwana, ndipo mpaka nthawi imeneyo musawonjezere ndalama zotsatsira.