Kalata yopempha pulambala kuti alembe mtengo wa ntchito

"Ndikufuna pulambala andiikire thanki ya madzi, koma amangotchula mtengo pakamwa. Ndimulembere bwanji kuti andipatse kotesheni yolemba?"

Musanalembe, dziwani kukula kwa thanki, malo amene iikidwe, ndi mtunda kuchokera pa mita kufika pamenepo.

1. Lembani tsiku, dzina lanu, adiresi ya nyumba ndi nambala ya foni.

2. Fotokozani ntchitoyo momveka: "Bambo, ndikufuna mundiikire thanki ya malita 2,000 kuseri kwa nyumba, muilumikize ku mita ndi ku bafa, mtunda wa mamita 15."

3. Pemphani zipangizo pazokha: "Chonde lembani chilichonse pamzere wake, kuchuluka kwake ndi mtengo wa chimodzi." Atchulenso mtundu ndi kukula kwa mapaipi, kaya ndi PVC kapena PPR, a theka la inchi kapena okulirapo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amalandira pepala longoti "mapaipi ndi zina", ndiye sangafananitse ndi mitengo ya kuhadiweya, ndipo akaikiridwa paipi yopyapyala amasowa poyambira kudandaula.

4. Malipiro a ntchito akhale padera. Funsani ngati kukumba ngalande, kumanga poika thanki ndi thiransipoti zili momwemo, chifukwa mkangano umabuka pa zimenezi ntchito ili mkati.

5. Anene masiku a ntchito, ndalama yoyambira, ndi tsiku limene mtengowo uthere mphamvu, poti zipangizo zimakwera msanga.

6. Tsekani ndi mawu akuti: "Musainire kotesheniyo, ndipo ntchito yowonjezera isayambe tisanagwirizane polemba." Sungani kope lanu.