Mawu anayi a pa lipoti la sikani

Mlongo wanga adanditumizira chithunzi cha lipoti la sikani ya pachifuwa ya amayi, iye ali ndi mantha. Chidamusowetsa tulo ndi mawu akuti "unremarkable" amene adalembedwa pa mtima ndi chiwindi. Ndidapita nalo kwa dokotala, ndipo adaseka pang'ono: mawuwo amangotanthauza kuti sadaone chachilendo. Ndiwo mawu okoma kuposa onse papepalapo.

Enawo ndidawamvetsa motere. "Opacity" ndi malo owoneka oyererako pomwe payenera kuda. Mapapo abwino amadzaza mpweya, n'chifukwa chake amaoneka akuda. Pakalowa madzi, mafinya kapena pali chipsera, pamayera. Mawuwo sanena matenda. Chibayo chimachititsa kuyera kotere, chifuwa chachikulu chimateronso. "Lesion" ndi malo aliwonse osiyana ndi owazungulira, ngakhale kathumba ka madzi kopanda vuto.

Pomwe tidakhalitsa ndi pa "nodule, 4 mm". Aka ndi kachotupa kozungulira kosaposa masentimita 3. Kakapitirira pamenepo amalemba "mass". Ka amayi kanali ngati njere ya mapira. Dokotala adafunsa ngati adasutapo fodya kapena kudwalapo chifuwa chachikulu, popeza chimasiya timfundo totere tikapola. Adadwaladi ali mtsikana. Kenaka adaitanitsa sikani yakale: kanalipo kale, kukula kwake komweko, m'mphepete mosalala. Kokula msanga kapena ka m'mphepete mwa nyanganyanga ndiko kamafuna kufufuzidwa.

Tsopano lipoti ndimaliyambira pansi, pa "Impression", pomwe amalemba mwachidule zimene apeza, ndipo sikani zakale sindizisiya kunyumba.