Kuphwanya x² − 49 ndi x² + 10x + 25 mwachangu

Funso: "Aphunzitsi, masamu ngati awa ndingawazindikire bwanji msanga pa mayeso?"

Choyamba werenga zigawo. Zikakhala ziwiri, zonse masikweya, pakati pali chochotsera, pezapo ma ruti ake: x ndi 7. Lemba (x − 7)(x + 7), basi watha. Koma x² + 49 usalimbane nayo, siphwanyika chonchi.

Zikakhala zitatu, yang'ana zakumapeto: x² ndi 25 zimapereka x ndi 5. Chulukitsa x ndi 5, kenako ndi 2. Wapeza 10x yapakati ija? Ndiye yankho ndi (x + 5)². Ikanakhala −10x, ukanalemba (x − 5)².

Ambiri amagwa podumpha kuyesa kwa pakatiku. Taona x² + 26x + 25: kumapeto ikuoneka bwinobwino, koma 26x si 10x. Yake ndi (x + 1)(x + 25).