Pomasulira menyu ya alendo: chambo musachisinthe dzina

Kwa anzanga amene muli ndi malo odyera ku Senga Bay kapena m'tauni ya Salima, nayi njira yomwe yandichotsera mavuto polemba menyu m'Chingerezi ndi m'Chitaliyana.

Dzina la chakudya chathu lisiyeni m'Chichewa, kenaka pansi pake lembani mzere umodzi wonena kuti ndi chiyani, chaphikidwa bwanji. Chambo, kampango, usipa, nsima, kondowole, zonsezi zikhale momwemo. Zomwe mlendo amazidziwa kale monga mpunga, nkhuku ndi tchipisi, masulirani basi.

Ine poyamba ndinalemba "tilapia" m'malo mwa chambo. Mlendo ankaloza pamenyu, woperekera zakudya n'kuima kakasi, kukhitchini n'kumafunsana kuti ndi nsomba iti. Komanso anthu amabwera atamva kale za chambo, ndiye akapanda kuchiona amaganiza kuti tilibe. Panopa ndimalemba chonchi:

```
Chambo
Whole Lake Malawi tilapia, grilled, on the bone
```

Mawu oti ndi yathunthu, ya minga, musawasiye. Ena amayembekezera mnofu wokhawokha, akaona mutu amabweza mbale.

Pa nsima, Ataliyana amamva msanga mukati "simile alla polenta", koma onjezerani kuti ndi ya ufa woyera, yolimba, yodya ndi manja. M'Chingerezi osangoti "porridge", amayesa phala la m'mawa. Lembani "stiff maize porridge".

Ndiwo zotendera tchulani kuti muli nsinjiro, "groundnuts" kapena "arachidi". Alipo ena amene mtedza umawadwalitsa koopsa, ndipo dzina la chisoso kapena nkhwani silingawachenjeze.